Akuti sanapeze nthenda, koma pachifuwa pakundithina

*Adokotala, ndine bambo wa zaka 34. Kwathu ndi ku Mangochi koma ndimagwira ntchito m'shopu ku Mayfair, kuno ku Joni. Miyezi isanu tsopano mutu ukundipweteka pafupifupi tsiku lililonse, pachifuwa pamathina ngati wina wandikhalira, m'mimba mumawotcha. Kukiliniki anandiyeza bipi, shuga, magazi ndi mtima, akuti zonse zili bwino, ndi situlesi basi. Koma ine ululu ndikuumva, sindikunama. Amayi kumudzi akuti alipo amene wandichita chipongwe. Ndimamwa Grand-Pa atatu pa tsiku kuti ndithe kugwira ntchito. Kodi maganizo angapweteketsedi thupi chonchi, kapena pali nthenda imene sanaione?*

Achimwene, inde angapweteketse, ndipo simukunama. Ululu umene gwero lake ndi nkhawa umadutsa m'mitsempha yomwe ija imene imanyamula ululu wa dzino kapena wa chilonda, ndiye thupi lilibe njira yowusiyanitsira. Koma mawu oti "ndi situlesi basi" sandisangalatsa akanenedwa munthu akutuluka kale pakhomo la chipinda cha dokotala. Kusapeza kanthu pa makina ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo ndi kusonyeza kuti zizindikirozo zikuyendadi m'njira imene nkhawa imayendera, ndipo mbali imeneyi imafuna nthawi imene kiliniki yodzaza anthu kuyambira mbandakucha ilibe. Tiyeni tiichite pano, ngakhale kuti kalata singalowe m'malo mwa kukuonani maso ndi maso.

Ganizirani zimene thupi lanu limachita mukaona galimoto ya apolisi itaima pakona pamene inu mapepala simunawatenge, kapena anatha. Musanaganize n'komwe chochita, mtima wayamba kale kuthamanga, m'kamwa mwauma, m'manja mwachita thukuta, m'mimba mwachita kuti myuu. Palibe amene wakukhudzani. Chimene chachitika n'chakuti ubongo watumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri timene timakhala pamwamba pa impso, ndipo timeneti tathira m'magazi madzi otchedwa adirenalini. Madzi amenewa amafulumizitsa mtima ndi kupuma, amakungitsa minofu, ndipo amachotsa magazi ambiri kumatumbo n'kuwapititsa kumiyendo ndi kumikono kuti muthawe kapena mumenye. Zonsezi zinapangidwira ngozi ya mphindi zochepa, monga njoka panjira ya kudimba. Ngoziyo ikadutsa thupi limabwerera mwakale.

Vuto la moyo wa kuno n'lakuti njokayo sichoka panjira. Lendi ikudikira pa 1, fizi ya ana ikudikira, foni ikalira usiku mtima umayamba wadumpha musanaone n'komwe kuti ndi ndani, chifukwa mwina ndi maliro kapena matenda kumudzi. Abwana akhoza kukuchotsani ntchito mawa popanda kokadandaula. Dzina loti Lindela lokha, kumene amatsekera anthu opanda mapepala asanawabweze kwawo, limakwanira kumusowetsa munthu tulo. Ndiye thupi limakhala lokonzeka kuthawa kuyambira m'mawa mpaka m'mawa unzake, kwa miyezi. Malo atatu amene mwatchulawo ndi amene amayamba kudandaula.

Ndiyambe ndi pachifuwa, popeza ndi pamene pamaopsa kwambiri. Munthu wodekha amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi, ndipo ntchito yaikulu imagwiridwa ndi mnofu waukulu umene uli pansi pa mapapo. N'chifukwa chake khanda likagona mumaona mimba yake ikukwera ndi kutsika. Munthu wa nkhawa amasiya kupumira m'mimba, amapumira pamwamba, ndi minofu ya pakati pa nthiti, ya m'mapewa ndi ya m'khosi. Minofu imeneyi ndi yothandizira chabe pamene munthu akuthamanga. Ikagwira ntchito tsiku lonse imatopa n'kumapweteka, monga momwe mikono imachitira tsiku loyamba kulima. Kuthina kumene mukumva nthawi zambiri ndi kumeneku.

Pali chinanso chimene anthu ambiri sachidziwa. Mukamapuma mofulumira kapena kuusa moyo pafupipafupi, simuwonjezera okosijeni, chifukwa magazi anu anali odzaza kale ndi okosijeni. Chimene mumachita ndi kutaya kwambiri mpweya umene timatulutsa uja, wotchedwa kaboni dayokisaidi. Mpweya umenewu si zinyalala chabe, thupi limaufuna pa mlingo wake. Ukachepa m'magazi, mitsempha yopita kuubongo imafinyika pang'ono, mutu umapepuka, mumamva chizungulire, zala ndi milomo zimachita dzanzi, nthawi zina zala zimapindika zokha osatheka kuwongoka. Choipa kwambiri n'chakuti munthu amamva ngati mpweya sukumukwanira, ndiye amakoka wina mwamphamvu, vuto n'kumakulirakulira. Ubongo ukaona mtima ukugunda chonchi ndi dzanzi m'dzanja umati basi ndikufa, n'kuthiranso adirenalini wina. Mantha aakulu oterewa amafika pachimake m'mphindi pafupifupi 10, ndipo kawirikawiri amakhala atazirala pakatha theka la ola.

Ndikuuzeni za mayi wina amene ndinamuona. Zina za iye ndazisintha kuti asadziwike. Ankagwira ntchito ya m'nyumba kumpoto kwa mzinda uno. Anali atathamangira naye kuchipatala katatu, kamodzi atatsitsidwa m'takisi pa siteshoni ya matakisi ya Bree anthu akumukupiza ndi nyuzi. Ulendo uliwonse ankamulumikiza ku makina oyeza mtima, n'kumuyeza magazi, n'kumubweza. Anafika kwa ine ali ndi mapepala atatu m'kajumbo, atawapinda bwinobwino, ndi mkwiyo wosabisika. Nditamuyeza ndekha, ndinakanikiza ndi chala pamene nthiti yachitatu imakumana ndi fupa la pakati pa chifuwa, iye n'kudumpha. Ndinamufunsa ngati ululu wake ndi umenewo, anati ndi womwewo. Kenako ndinamufotokozera zimene ndikufuna kuchita, iye n'kuvomera, ndipo ndinamupempha kuti apume mofulumira ndi mozama ngati wathamanga, ine ndikuyang'ana wotchi. Mphindi imodzi isanathe anagwira m'mphepete mwa tebulo n'kunena kuti, "Adokotala, zija zayamba." Milomo dzanzi, zala dzanzi, chipinda chikuzungulira. Ndinaika dzanja lake pamimba pake, tinapuma limodzi pang'onopang'ono, ndipo pasanathe mphindi zisanu zonse zinali zitapita. Anakhala chete kanthawi, kenako anaseka, kuseka kwa munthu amene wagwira mbava n'kupeza kuti ndi mwana wa m'nyumba momwemo. Tsiku limenelo sanachire, koma anaona ndi maso ake kuti chinthu chimene akhoza kuchiyambitsa yekha ndi kuchizimitsa yekha si mtima umene ukufuna kuima. Musayesere zimenezi muli nokha kunyumba, makamaka ngati muli ndi mphumu, khunyu kapena vuto la mtima.

Ndiye mungasiyanitse bwanji ndi mtima weniweni? Funso limene ndimalidalira kwambiri ndi lakuti, ululuwo umabwera mukuchita chiyani. Mtima umene mitsempha yake yatsekeka umadandaula ukapatsidwa ntchito: mukukwera masitepe, mukutsitsa matumba a ufa m'galimoto, mukuthamangira takisi. Mukaima, pakangopita mphindi zochepa ululu umaleka, mukayambanso umabwerera. Kuthina kwa nkhawa kumachita zosiyana. Kumakupezani mutakhala pansi, muli pabedi, shopu ili zii, ndipo makasitomala akachuluka mumatha kukuiwala. Kumatha kukhala maola ambiri, kumasuntha malo, ndipo nthawi zambiri mukhoza kuloza ndi chala chimodzi pamene pakupweteka. Ngati mumanyamula makatoni tsiku lonse popanda vuto koma pachifuwa pamathina mukangozimitsa magetsi, zimenezo zikundiuza zambiri kuposa pepala la makina.

Komabe malire alipo, ndipo muwasunge. Pepala la makina a mtima limangonena za mphindi imene munali mutagona pabedi paja. Ululu wa pachifuwa wolemera ngati mwala, wopitirira mphindi 15, wofalikira kumkono, kunsagwada kapena kumsana, wobwera ndi thukuta lozizira, kusanza kapena kukomoka, umenewo si wodikira mawa, ngakhale anakuuzanipo kale kuti muli ndi nkhawa. Imbani 112 pafoni ya m'manja kapena 10177, kapena wina akuthamangitsireni kuchipatala chachikulu monga Helen Joseph kapena Charlotte Maxeke. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti munthu aliyense sayenera kukanizidwa chithandizo cha mwadzidzidzi, ndipo silinena kuti nzika zokha. Chimodzimodzinso mukamatsokomola kupitirira milungu iwiri, kutuluka thukuta usiku ndi kuonda: pamenepo tikayeze chifuwa chachikulu, tisanamizire maganizo.

Tsopano mutu, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa m'kalata yanu muli chinthu chimene chandidetsa nkhawa kuposa zonse. Mutu wa maganizo uli ndi maonekedwe ake. Umagwira mbali zonse ziwiri, ngati mwamangidwa duku lothina kapena mwasenza ndowa, kuyambira pamphumi mpaka kunkhongo ndi m'khosi. Sugunda ngati ng'oma, susanzitsa, ndipo mukayenda sukula. Umatha kukhala theka la ola kapena masiku angapo, ndipo kawirikawiri umakula dzuwa likamapendeka. Umasiyana ndi mutu waching'alang'ala, umene umakonda mbali imodzi, umagunda, umabwera ndi nseru, ndipo umamuthamangitsira munthu m'chipinda cha mdima. Gwirani minofu ya pamwamba pa mapewa anu ndi ya m'mbali mwa mutu pafupi ndi makutu, mukanikize. Mwa anthu ambiri a mutu woterewu malo amenewa amakhala olimba ndi opweteka. Funsaninso amene mumagona naye chipinda chimodzi ngati mumakukuta mano usiku. Pakapita miyezi, mitsempha yonyamula ululu imazolowera kulira, moti kukanikiza kochepa kumene kale simukanakumva kumayamba kupweteka.

Chimene chandidetsa nkhawa ndi mapaketi atatu a Grand-Pa aja. Mu paketi imodzi muli asipulini wopitirira pang'ono mamiligalamu 450, parasetamo wopitirira mamiligalamu 300, ndi kafini pafupifupi mamiligalamu 65. Mankhwalawa ndi abwino kwa mutu wobwera kamodzikamodzi. Koma mankhwala alionse opha ululu akamwedwa pafupipafupi amayamba kubala mutu womwewo umene akuchiza. Malire amene madokotala timatsata ndi awa: mankhwala osakaniza ngati amenewa, kapena mapiritsi okhala ndi kodini amene anthu amagula ku famase, akamamwedwa masiku 10 kapena kuposa pa mwezi kwa miyezi yopitirira itatu, kapena parasetamo payekha masiku 15 pa mwezi, mutu umasanduka wa tsiku ndi tsiku. Chizindikiro chake n'chakuti mumadzuka nawo m'mawa, mukamwa paketi umaleka, pakapita maola angapo wabweranso. Inu mwadutsa malire amenewa kutali. Ndikuganiza kuti mutu umene unayamba ndi maganizo miyezi isanu yapitayo lero ukusungidwa ndi mankhwala.

Ndipo asipulini yemweyo ndi mdani wa chifu. Mapaketi atatu ndi asipulini woposa mamiligalamu 1,300 tsiku lililonse, ndipo ndikudziwa momwe anthu a m'mashopu mumadyera: tiyi m'mawa, paketi pa lilime, kapu ya madzi, nsima mpaka usiku. Asipulini amafooketsa chitetezo chimene chifu chimadziphimba nacho ku asidi wake. Ndiye pa m'mimba panu sindingathamangire kunena kuti ndi nkhawa yokha.

Kunena zoona, nkhawa imafika m'mimba mosavuta. Ubongo ndi matumbo zimalankhulana usana ndi usiku kudzera mu mtsempha waukulu wotsika kuchokera m'mutu, ndipo aliyense amene anatsegulapo m'mimba m'mawa wa tsiku la mayeso a fomu folo amadziwa zimenezi popanda kuphunzitsidwa. Munthu akakhala pa mantha chifu chimachedwa kupititsa chakudya, ndiye amakhuta msanga, amatupidwa, amageya pafupipafupi. Matumbo amatha kufulumira kapena kuima, lero kutsegula mawa kudzimbidwa. Mitsempha ya m'matumbo imayambanso kumva kwambiri, moti mpweya wochepa umene wina sangaumve n'komwe kwa inu ndi kupotokola. Akalowetsa kamera m'mimba sapeza chilonda, koma ululu ulipo.

Kwathu chilichonse chowotcha m'mimba timangoti ndi maalsa, ndipo timati amabwera ndi maganizo. Madokotala nawonso ankakhulupirira zimenezi kwa zaka zambiri, mpaka m'chaka cha 1982 pamene Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anasonyeza kuti m'chifu mumakhala kachilombo kotchedwa helikobakita, kamene kamayambitsa zilonda zambiri zam'mimba. Anapatsidwa mphoto ya Nobel m'chaka cha 2005. Nkhani imeneyi ndimaikumbukira ndikafuna kufulumira kunena kuti "ndi maganizo". Lero tikudziwa kuti zilonda zenizeni zimabwera makamaka ndi kachilombo kameneka ndi mankhwala a mtundu wa asipulini ndi bulufeni. Kachilomboka kamayezedwa, mwa njira zina ndi chimbudzi, ndipo kamafa ndi mankhwala a milungu iwiri. Funsani ngati anakuyezani. Mukaona chimbudzi chakuda ngati phula, kapena mwasanza magazi kapena zinthu zonga khofi wosasungunuka, chimenecho ndi chilonda chimene chikutaya magazi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Kuonda popanda chifukwa ndi chakudya kukakamira pomeza nazonso si za nkhawa.

Ndivomere kulakwa kwanga kumodzi. Chaka china m'mwezi wa Julaye ndinaona mnyamata wolondera amene ankadzuka ndi mutu ndi nseru tsiku lililonse. Anandiuza za ngongole zake, za mkazi amene anamusiya, ine n'kukhutira kuti ndapeza gwero. Anabweranso patapita milungu iwiri ndi mnzake wogona naye, nayenso mutu womwewo. Apo m'pamene ndinafunsa funso limene ndinayenera kufunsa poyamba: mumawotha chiyani usiku? Ankalowetsa mbaula ya makala m'kachipinda, zitseko ndi mawindo zili zotseka chifukwa cha chisanu cha kuno. Utsi wosaoneka ndi wosanunkha wa makala uja umapweteketsa mutu, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Ngongole anali nazodi, koma si zimene zinkamudwalitsa. Kuyambira pamenepo ndimafunsa aliyense za mbaula ndi hita ya parafini. Ndimafunsanso ngati wangobwera kumene kuchokera kumudzi, chifukwa Joni kulibe malungo ndiye ogwira ntchito kukiliniki satha kuwaganizira msanga pokhapokha muwauze kuti munali ku Mangochi masabata apitawa. Mutu wobwera mwadzidzidzi ngati mwamenyedwa ndi chibonga, mutu wa kutentha thupi ndi kuuma khosi, mutu wobwera ndi kufooka kwa mbali imodzi, kupotoka pakamwa kapena kuona zinthu ziwiriziwiri, ndiponso mutu watsopano wosaleka mwa munthu amene ali ndi kachilombo ka edzi, yonseyi ndi ya kuchipatala msanga. Mukabwerera kukiliniki mufunsenso ngati pa magazi aja anayeza kuchepa kwa magazi ndi chithokomiro, chifukwa chithokomiro chikamagwira ntchito mopitirira muyeso chimathamangitsa mtima, kunjenjemeretsa manja ndi kuondetsa munthu, ndendende ngati nkhawa.

Za bipi ndingonena mwachidule. Ambiri mwa ife mutu ukapweteka timati bipi yakwera. Nthawi zambiri bipi yokwera siimveka n'komwe, n'chifukwa chake ili yoopsa. Ndipo munthu akayezedwa ali ndi mantha kapena ululu nambala imakwera kwa kanthawi. Yanu anaipeza ili bwino, imeneyo ichotseni pa mndandanda wa zokusowetsani tulo.

Nanga tingatsimikize bwanji kuti ndi nkhawa? Gulani kakope ka masamba ochepa. Kwa milungu iwiri, nthawi iliyonse zikayamba lembani tsiku, ola, pamene munali, chimene chinachitika kapena chimene munkaganiza mphindi zochepa zisanayambe, kukula kwa ululu kuyambira 1 mpaka 10, ndi mankhwala amene mwamwa. Mayi uja nditamupatsa ntchito imeneyi ankaumirira kuti zake zimangobwera zokha, alibe chimene amaganiza. Atabwera ndi kope lake tinawerenga limodzi. Pa maulendo asanu ndi awiri amene pachifuwa panathina kwambiri, anayi anali Lamlungu madzulo, atangomaliza kulankhula ndi kumudzi. Awiri anali m'takisi yodzaza, iye atakhala mpando wakumbuyo kumene sungatuluke msanga. Umodzi unali tsiku limene madamu ake ananena kuti akufuna kukambirana naye. Loweruka lina anakachapa makatani a nyumba yonse, kukwera ndi kutsika masitepe, ndipo tsamba la tsikulo linali loyera. Sindinafunikire kumuuza kanthu, anadziwerengera yekha. Zitapezeka kuti Lamlungu lililonse ankauzidwa za ngongole ya katapila imene mlongo wake anatenga, imene aliyense ankayembekezera kuti wa ku Joni ndiye abweze, tinadziwa pogwira.

Mwina inunso mudzati mulibe chimene mumaganiza. Amuna ambiri amandiyankha choncho, ndipo sanama. Tinakula tikumva kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndiye munthu amene mudzi wonse ukumudalira saona kuti ali ndi ufulu wonena kuti ndatopa. Chilankhulo chathunso chimaika zowawa m'thupi: timati mtima ukundiwawa, mutu wandikulira, nkhani ija yandidula m'mimba. Anzathu a ku Zimbabwe amati kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri, ndipo dokotala wa kumeneko Dixon Chibanda anayambitsa ntchito ya Friendship Bench ku Harare, yophunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi ndi anthu oterewa n'kumasula nawo mavuto limodzilimodzi. Choncho m'malo mofunsa ngati muli ndi nkhawa, ine ndingakufunseni izi: mumagona maola angati, ndipo mumadzidzimuka nthawi yanji? Mpira kapena macheza amene munkawakonda mukuwakondabe? Mumapsa mtima msanga kuposa kale? Kukiliniki kuli mafomu awiri afupiafupi a mafunso otere, GAD-7 ya nkhawa ndi PHQ-9 ya kukhumudwa, ndipo mukhoza kuwapempha. Mukapeza 10 kapena kuposa pa iliyonse, ndiye kuti nkhaniyo ikufuna chithandizo chenicheni.

Chochita choyamba kwa inu ndi kusiya mapaketi aja, ndipo ndikuchenjezeretu kuti sizikhala zokoma. Mutu udzakula kwa masiku angapo, mwina mpaka milungu iwiri, mudzamva ulesi ndi kunyansidwa, mbali ina chifukwa thupi likufuna kafini. Ambiri amagonja tsiku lachitatu n'kunena kuti mwaona, popanda mankhwala sindingathe. Kukula kwa mutu kumeneko ndiye umboni woti mankhwalawo ndi amene anakugwirani. Yambani tsiku limene simukugwira ntchito, idyani kanthu m'mawa, imwani madzi, ndipo musalowetse m'malo mwake zakumwa za m'zitini zopatsa mphamvu zija, chifukwa muli kafini wambiri amene amathamangitsanso mtima. Phindu lenileni limaoneka pakatha mwezi umodzi kapena iwiri. Ngati mumamwanso mapiritsi a kodini tsiku ndi tsiku, amenewo musasiye nokha mwadzidzidzi, adokotala akutsitsireni pang'onopang'ono. Auzeninso zoona zake za kuchuluka kwa mapaketi, chifukwa ndikukayika ngati munawauza. Akhoza kukupatsani mankhwala ochepetsa asidi, monga omepurazo, kwa milungu ingapo kuti chifu chipole.

Chachiwiri ndi kupuma. Khalani pansi, dzanja limodzi pachifuwa lina pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, dzanja la pamimba likwere, la pachifuwa likhale phee. Tulutsani pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6. Musakoke wambiri, chinsinsi chili pa kutulutsa mochedwa. Chitani mphindi zisanu m'mawa ndi zisanu madzulo, pamene muli bwinobwino. Apa m'pamene anthu amalakwitsa: amadikira mpaka zitayamba, n'kuyesa koyamba ali pakati pa mantha, zikakanika amati sizigwira ntchito. Munthu saphunzira kupalasa bwato tsiku la mwera. Za kupumira m'pepala kapena m'jumbo zimene ena amalangiza zisiyeni, n'zoopsa ngati vutolo ndi mphumu kapena mtima. Yendaninso mofulumira theka la ola masiku ambiri pa mlungu. Kuwonjezera pa kumasula minofu, kuyenda kumaphunzitsa ubongo kuti mtima ukhoza kugunda kwambiri popanda choopsa.

Zikapanda kusintha pakatha mwezi ndi theka, kapena mafomu aja akasonyeza nambala yokwera, mankhwala alipo m'zipatala za boma. Kwa mutu wa mtundu umenewu timapereka amitiripitilini wochepa usiku, kuyambira mamiligalamu 10 mpaka 25. Amaumitsa m'kamwa ndi kugonetsa, ndipo kwa wolondera kapena woyendetsa galimoto zimenezi ziyenera kukambidwa. Kwa nkhawa yokhazikika pali mankhwala monga fuluwokisetini. Amatenga milungu inayi kapena isanu ndi umodzi kuti agwire bwino, ndipo masiku oyamba ena amamva ngati nkhawa yawonjezeka, ndiye osawataya mlungu woyamba. Mapiritsi ogonetsa a mtundu wa dayazepamu amathandiza usiku umodzi koma amamugwira munthu msanga, musawagule mwa mseri. Mowa ndi chamba zimachitanso chimodzimodzi, madzulo mpumulo, m'mawa mantha owirikiza. Uphungu wokambirana ndi katswiri wa maganizo umagwira ntchito mofanana ndi mankhwala kwa anthu ambiri, ndipo nesi wa kukiliniki akhoza kukulemberani kalata yopita kumeneko. Kupita kwa katswiri wotere sikutanthauza kuti mwapenga kapena kuti akutumizani ku Zomba. Bungwe la SADAG, lothandiza anthu ovutika ndi nkhawa ndi kukhumudwa, lili ndi nambala yaulere, 0800 567 567; ngati tsiku lina maganizo oti bola kufa akufikirani, imbani nthawi yomweyo, ndipo muuze munthu mmodzi amene mumamukhulupirira.

Za amayi, musakangane nawo. Mayi akamva kuti mwana wake akudwala kutali, achipatala sakupeza kanthu, afotokoza ndi zimene akudziwa. Kupemphera kwawo ndi kwanu, kumzikiti kapena kutchalitchi, sikulimbana ndi chilichonse chimene ndalemba pano. Chimene ndikukupemphani n'chakuti musamwe mankhwala osanzitsa kapena otsegula m'mimba pamene chifu chanu chakhala chikupsa ndi asipulini kwa miyezi, ndiponso musalowe m'ngongole ina polipira asing'anga a m'mapepala omata pamapolo a magetsi aja. Mwina chimene chingakuthandizeni kwambiri pafoni ya Lamlungu ndi kuwauza amayiwo zoona za ndalama zimene mumalandira, lendi imene mumalipira, ndi zimene mungathe kutumiza pa mwezi osapitirira. Mayi wa kope uja anachita zimenezo, anatchula nambala imodzi n'kuimirira pomwepo. Kumudzi anamukwiyira milungu itatu. Pamene ndinamuona komaliza pachifuwa pankathinabe apo ndi apo, makamaka kumapeto kwa mwezi, koma ankakwera takisi yekha, ndipo ankasankha dala mpando wakumbuyo uja.